Ndime yachidule ya pamwamba pa sivi ya womaliza digiri wopanda zaka za ntchito: lipoti la nkhani imodzi ya ku Zomba

Lipoti lino likufotokoza nkhani ya mtsikana wina wa ku Zomba amene ndinamuthandiza m'chaka cha 2024 pa ntchito yanga yolangiza achinyamata ofuna ntchito, ndipo ndalilembera alangizi anzanga amene amakumana ndi omaliza maphunziro a kuyunivesite omwe ali ndi luso lenileni koma alibe zaka zoti awerengere pa ntchito yolipidwa. Sindikamba za sivi yonse ayi, koma za ndime yaifupi imene imakhala pamwamba, pansi pa dzina ndi nambala ya foni, imene ambiri amaipatsa mutu wakuti Profile kapena Summary. Sivi yake inalembedwa m'Chingerezi, monga momwe olemba ntchito ambiri kuno amafunira, koma ziganizo zake ndaziika m'Chichewa. Dzina lake, mayina a midzi ndi a mabungwe amene akukhudzidwa sindiwatchula.

Mbiri yake ndi vuto limene anabwera nalo

Mtsikanayu anamaliza digiri ya jogalafe pa Yunivesite ya Malawi m'chaka cha 2023 ndipo ankakhala ndi azakhali ake ku Chinamwali. Ntchito yolipidwa imene anagwirapo inali ya milungu itatu yokha, pamene bungwe lina lomwe si la boma linamutenga kuti azifunsa anthu mafunso a kafukufuku pa tabuleti. Kwa miyezi ingapo anakhala akutumiza sivi ku mabungwe a ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, makamaka pa ntchito zothandizira kusonkhanitsa deta ndi kuchita kalondolondo wa mapulojekiti, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuitana ku intavyu. Iye ankaona kuti chifukwa chake n'chodziwikiratu, chakuti alibe wachibale m'maofesimo ndiponso alibe zaka ziwiri zimene zilengezo zambiri za ntchito zimafuna. Sindinamutsutse, chifukwa zinthu ziwirizi zimatsekerezadi anthu ambiri, koma ndinamupempha kuti tiyambe ndi chimene chinali m'manja mwathu, chomwe ndi pepala lenilenilo.

Ndime yake ya pamwamba inali yotere: "Ndine mtsikana wolimbikira, woopa Mulungu, wodalirika ndiponso wotha kugwira ntchito ndi anzanga ngakhale nthawi itathina. Ngakhale sindinagwirepo ntchito, ndine wokonzeka kuphunzira, ndipo ndikufuna mwayi m'bungwe lililonse lodziwika bwino kuti ndikulitse luso langa."

Aliyense amene anasankhapo anthu oti aitanidwe ku intavyu akudziwa kuti wowerenga amakhala ndi mulu wa masivi ndi chilengezo cha ntchito pambali, ndipo pa sivi iliyonse amayang'ana msanga ngati munthuyo ali ndi maphunziro ofunikawo komanso ngati anachitapo chinthu chofanana ndi ntchitoyo. Ndime ya mtsikanayu sinayankhe funso lililonse mwa awiriwa. Sinatchule digiri yake, sinatchule pulogalamu ya pakompyuta ngakhale imodzi, ndipo mawu onse a m'chiganizo choyamba anali a khalidwe, amene wowerenga sangathe kuwatsimikiza ndipo amawapeza pa sivi ina iliyonse mu muluwo. Za kuopa Mulungu ndimazipeza kawirikawiri m'masivi a achinyamata athu, ndipo sindikayika kuti amanena zoona, koma wolemba ntchito ya deta alibe njira yoyezera zimenezo ndipo sizimuthandiza kusankha. Choipa koposa chinali chiganizo chachiwiri, chifukwa mfundo yokhayo yogwirika m'ndime yonse inali yakuti sanagwirepo ntchito, ndipo anaiika yekha pamalo pamene diso la wowerenga limafika poyamba.

Zimene zinapezeka pomufunsa bwino

Pa tsamba lachitatu, pansi pa mutu wa zimene amakonda kuchita akamapuma, panali mawu akuti "kuthandiza anthu a m'midzi", ndipo m'gawo la maphunziro munali mutu wa kafukufuku wake wa chaka chomaliza popanda kufotokoza kalikonse. Nditamufunsa kuti kuthandiza kumeneku kunali kotani, anayankha mopepuka kuti: "Zimenezo bambo zinali zongodzipereka, sanatipatseko ngakhale alawansi, ndiye sindinaone ngati ndi ntchito." Apa mpamene nkhaniyi inatembenukira. Achinyamata ambiri amaona kuti chinthu chimasanduka ntchito pokhapokha chikakhala ndi malipiro, kotero funso lakuti munagwirapo ntchito yanji limabweretsa yankho lakuti palibe. Ndinasiya funso limenelo ndi kumuuza kuti: "Achemwali, tandifotokozerani tsiku limodzi la kumeneko, kuyambira pamene munkafika m'mawa mpaka kuweruka, munkagwira chiyani ndi manja anu ndipo madzulo munkapereka chiyani kwa ndani." Funso la mtundu uwu limatulutsa zochita, zida ndi manambala, zomwe ndi zinthu zimene ndime yachidule imamangidwa nazo.

Zimene anafotokoza zinali zazikulu kuposa momwe iye ankaziganizira. Namondwe wa Freddy atawononga madera a kumwera m'mwezi wa Malichi 2023, anthu ambiri m'boma la Zomba anathawira m'masukulu, ndipo iye anadzipereka kwa milungu isanu pa msasa wina umene unali pa sukulu ya pulayimale. Poyamba ankangothandiza kugawa ufa ndi zofunda, koma ataona kuti mayina akulembedwa m'makope osiyanasiyana ndipo mabanja ena akulandira kawiri pamene ena akubwerera chimanjamanja, anapempha wapampando wa komiti ya pamsasapo kuti asamutsire mayina onse mu Excel pa laputopu yake. Anaika dzina la mutu wa banja, mudzi, chiwerengero cha anthu a m'banjamo ndi ana osakwana zaka zisanu, ndipo posanja mayinawo motsata midzi anapeza kuti mabanja 27 analembedwa kawiri ndi kalembedwe kosiyana pang'ono. Kaundula womaliza anali ndi mabanja 312, ndipo ndi amene komiti inkagwiritsa ntchito pogawa katundu kufikira msasawo unatsekedwa.

Kafukufuku wake wa chaka chomaliza nayenso anali wogwirika. Anachitika m'midzi isanu ndi umodzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa pa nthawi imene dziko linali pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, ndipo funso lake linali lakuti mabanja amatunga kuti madzi mjigo wa m'mudzi ukawonongeka. Anakonza yekha fomu ya mafunso mu KoboToolbox, anafunsa mabanja 150, ndipo iye ndi mnzake wa m'kalasi anayenda ndi foni kulemba malo a mijigo 64 imene anaiika pa mapu mu QGIS. Panalinso chinthu china, chakuti kwa zaka ziwiri ankaphunzitsa masamu Loweruka kwa ophunzira a Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera, mosalipidwa.

Kusefa zimene angaime nazo

Zinthu zikapezeka chonchi, chiyeso chimakhala kuthamangira kulemba, koma ine ndinaona kuti tiyambe tasefa mfundo iliyonse ndi mafunso awiri, lakuti kodi anachita ndi iye mwini kapena gulu, ndi lakuti kodi alipo munthu kapena pepala limene lingachitire umboni. Chifukwa chake n'chakuti ndime ya pamwamba ndiyo imene ofunsa pa intavyu amatengapo mafunso awo oyamba, kotero chilichonse chimene chalembedwamo chiyenera kukhala chinthu chimene mwini wake angachifotokoze kwa mphindi zingapo osagwedezeka.

Mfundo ziwiri zinagwa pa sefa imeneyi. Atayesa kulemba yekha kunyumba, anabwera ndi chiganizo chakuti anathandiza anthu oposa 2,000 amene anakhudzidwa ndi namondwe. Nditamufunsa kumene nambalayo inachokera, anati anaimva kwa mmodzi wa akuluakulu a pamsasapo. Mwina inali yoona, koma sinali nambala ya ntchito yake, chifukwa anthuwo anathandizidwa ndi komiti, mipingo, mabungwe ndi mavolontiya ambiri pamodzi. Nambala yake inali 312, imene inali yaing'ono koma inali mu fayilo imene anali nayo, ndipo wapampando wa komiti uja akanatha kuivomereza pa foni. Mfundo yachiwiri inali yakuti kafukufuku wake anachititsa kuti mijigo ikonzedwe. Zoona zake zinali zakuti anapereka mapu ndi mndandanda wa mijigo yowonongeka kwa komiti ya chitukuko ya m'deralo, ndipo patapita miyezi anamva kuti ina inakonzedwa, koma panalibe chosonyeza kuti anaikonza chifukwa cha mapu akewo. Tinagwirizana kulemba chimene chinachitikadi, chomwe ndi kupereka zotsatirazo kwa komiti, ndipo nkhani yokonza mijigo tinaichotsa.

Pa nkhani ya mapu panafunika kusamala kwa mtundu wina. Fomu ya mafunso ndi kusanthula mayankho zinali zake yekha, pamene kulemba malo a mijigo anachita ndi mnzake. Kulemba ngati kuti zonse anachita yekha kukanakhala kulanda ntchito ya mnzakeyo, amenenso mwina anali kutumiza sivi ku mabungwe omwewo, koma kulemba kuti "tinachita" pa chilichonse kukanabisa gawo lake. Tinasankha kuti m'ndime ya pamwamba mulowe zimene anachita yekha, ndipo mapu afotokozedwe m'munsi, m'gawo la mapulojekiti, ndi mawu omveka akuti anagwira ndi mnzake mmodzi.

Malangizo a kunyumba ndi chifukwa chimene sitinawatsate

Pakati pa ntchitoyi mtsikanayu anabwera ndi ndime ina imene malume ake, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Blantyre, anamulembera ndi mtima wofuna kumuthandiza. Ndimeyo inamutchula kuti ndi katswiri wa kalondolondo wa mapulojekiti wokhala ndi zaka zitatu pa ntchito, ndipo ntchito ya pamsasa inapatsidwa dzina la udindo wa mkulu woona za deta. Zaka zitatuzo anazipeza pophatikiza zaka ziwiri zophunzitsa Loweruka, miyezi ya kafukufuku ndi milungu ya pamsasa. Mtsikanayu anali pakati pa miyala iwiri, chifukwa sankafuna kunyoza malume ake, komanso ankaona kuti ndimeyo ikumuthandiza kudutsa chotchinga cha zaka ziwiri chija.

Ndinamufotokozera kuti vuto la ndimeyi silinali la chikumbumtima chokha, koma kuti sivi yomweyo ikanaitsutsa. Wowerenga akaona zaka zitatu pamwamba amatsikira m'munsi kukaziwerenga, ndipo akapeza kuti digiri inatha mu 2023 ndipo ntchito yolipidwa ndi ya milungu itatu, amaleka kukhulupirira zonse, ngakhale mabanja 312 amene anali oona. Komanso mabungwe ogwira ntchito za chitukuko ndi za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chigawo chino amadziwana, ndipo n'zotheka kuti wina wokhala pa gulu lofunsa anafikako pa msasa womwewo ndipo akudziwa kuti panalibe udindo wotero. Ndinamuuza kuti: "Achemwali, malume anu aona bwino kuti ndime yoyamba ija inakuchepetsani, ndipo pamenepo tikugwirizana nawo, koma tiyeni tikweze ndi zinthu zimene mungazionetse pa laputopu yanu." Anakawauza malume akewo motero, ndipo iwo sanaumirire.

Pali alangizi ena amene amati mawu akuti volontiya asaoneke konse m'ndime ya pamwamba, poopa kuti wowerenga aipeputsa ntchitoyo. Ine ndimaona mosiyana. Kubisa kuti ntchito inali yongodzipereka kumangochedwetsa funso limene lidzafunsidwebe, ndipo likadzafunsidwa pa intavyu limamveka ngati chinthu chimene chaululika. Chofunika ndi malo amene mawuwo aikidwa m'chiganizo. Chiganizo chikayamba ndi kudzipereka n'kuthera pomwepo, wowerenga amangoona munthu wa mtima wabwino, koma chikanena mwachidule kuti anali volontiya ndi kupereka malo aakulu ku kaundula, mabanja ndi zolakwika zimene anazipeza, wowerenga amaona ntchito ya deta imene inachitika pamalo ovuta.

Kumanga ndimeyo

Tinatenga chilengezo chimodzi chenicheni, cha ntchito ya wothandizira za deta pa pulojekiti ya madzi ndi ukhondo, ndipo tinalemba mzere pansi pa zinthu zimene chinkafuna: digiri yogwirizana ndi ntchitoyo, kudziwa kusonkhanitsa deta pa foni kapena tabuleti, kudziwa Excel, ndi kutha kulankhula ndi anthu a m'midzi m'chilankhulo chawo. Pa zaka za ntchito chinangoti amene anagwirapo adzakhala ndi mwayi woposa, ndipo sichinaike malire okhwima. Ndinasankha kuyamba ndi chilengezo m'malo moyamba ndi mbiri yake chifukwa ndime yachidule si mbiri ya moyo yofupikitsidwa, koma ndi yankho ku ntchito imodzi, ndipo popanda ntchitoyo patsogolo palibe njira yodziwira choyenera kulowa ndi choyenera kutsala.

Tinagwirizana kuti ndimeyo isapitirire ziganizo zinayi, mawu pafupifupi 60 kapena 70, kuti ikwane m'mizere inayi kapena isanu ndipo wowerenga aone gawo lotsatira pa tsamba loyamba lomwelo. Chiganizo choyamba chinayenera kunena kuti iye ndi ndani pa maphunziro ndi mbali ya luso lake, ziwiri zapakati kupereka umboni, ndipo chomaliza kutchula ntchito imene akufuna. Ndime yomaliza inatuluka motere:

"Womaliza digiri ya jogalafe pa Yunivesite ya Malawi mu 2023, wodziwa kusonkhanitsa ndi kukonza deta ya m'midzi pogwiritsa ntchito KoboToolbox, Excel ndi QGIS. Ndinakonza ndi kuyendetsa kafukufuku wa madzi akumwa wa mabanja 150 m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo zotsatira ndinazipereka kwa komiti ya chitukuko ya m'deralo. Monga volontiya pa msasa wa okhudzidwa ndi namondwe wa Freddy, ndinakonza kaundula wa mabanja 312 ndi kuchotsamo mayina 27 obwerezedwa. Ndimalankhula Chichewa ndi Chiyao, ndipo ndikufuna ntchito ya wothandizira za deta pa pulojekiti ya madzi ndi ukhondo."

Pali zosankha zingapo m'ndimeyi zimene ndikufuna anzanga azione, chifukwa tinakambirana iliyonse. Kafukufuku wa madzi anabwera patsogolo pa kaundula wa pamsasa ngakhale kuti nkhani ya pamsasa ndi yogwira mtima kwambiri, chifukwa ntchito imene ankafunsira inali ya madzi, ndipo umboni wofanana kwambiri ndi ntchitoyo uyenera kuoneka poyamba. Milungu itatu ya ntchito yolipidwa sinalowemo konse. Mtsikanayu anadabwa nazo, popeza ndi yokhayo imene anailandirira ndalama, koma pa ntchito imeneyo ankangowerenga mafunso amene wina anakonza, pamene pa kafukufuku wake anakonza yekha mafunso, anasankha midzi ndi kusanthula mayankho. Malipiro sanaichititse kukhala umboni wamphamvu, choncho inakhala m'munsi pamalo ake. Chiyao anali asanachilembepo pa sivi iliyonse chifukwa ankachiona ngati chinthu cha kunyumba, koma kwa pulojekiti yogwira ntchito m'madera a Zomba, Machinga ndi Mangochi ndi luso limene wolemba ntchito amalifuna ndipo sangaliphunzitse m'sabata imodzi.

Pa mndandanda wa mapulogalamu tinachotsapo Stata, imene iye ankafuna kuti ilowe chifukwa anaiphunzira pa kosi imodzi. Ndinamupempha kuti andionetse momwe angatsegulire fayilo ndi kutulutsa tebulo losavuta, ndipo anavomera kuti wayiwala zambiri. Lamulo limene ndimatsata pa zida n'lakuti pamwamba pamalowa zokhazo zimene munthu angazigwiritse ntchito lero lomwe atamukhazika pa kompyuta, ndipo zina zonse zimapita m'munsi ndi mawu osonyeza kuti amangodziwa zoyambira. Mawu a khalidwe, monga kulimbikira ndi kudalirika, sanabwereremo, chifukwa munthu amene anaona yekha kuti makope akusokoneza n'kupempha kuti awakonze waonetsa kale khalidwe limenelo popanda kulitchula.

Ndime yatsopanoyi inatikakamiza kukonzanso zapansi, ngakhale sindikhalitsapo pa zimenezi. Chilichonse chimene chanenedwa pamwamba chiyenera kupezeka m'munsi ndi miyezi yake ndi malo ake, kotero tinatsegula gawo la mapulojekiti ndi ntchito zongodzipereka pa tsamba loyamba, kutsogolo kwa ntchito ya milungu itatu ija, ndipo sivi inatsika kuchoka pa masamba atatu kufika pa awiri. Pa anthu omuchitira umboni tinachotsa wachibale amene analipo ndi kuikapo mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wake ndi wapampando wa komiti ya pamsasa, onse atawapempha kaye chilolezo ndi kuwawerengera ndimeyo pa foni kuti asadzadabwe akadzafunsidwa.

Popeza ankafunsiranso ntchito za mapulojekiti a maphunziro a atsikana, tinakonza ndime yachiwiri imene inaika patsogolo zaka ziwiri zophunzitsa masamu Loweruka, inasunga kaundula wa pamsasa, ndipo kafukufuku wa mijigo inamufupikitsa kukhala mawu ochepa. Mfundo zake zinali zomwezo za mu sivi yake ndipo panalibe chowonjezera, kusiyana kunali pa chimene chatsogola. Ndinamulangiza kuti asunge mafayilo awiriwa ndi mayina osiyana bwino ndipo aziwerenga chiganizo chomaliza asanatumize, chifukwa ndime yotchula ntchito ya madzi ikapita ku bungwe la maphunziro imaononga kuposa ndime yosatchula kanthu.

Zimene zinatsatira

M'miyezi itatu yotsatira anatumiza sivi kumalo ochepa kuposa kale, chifukwa tinagwirizana kuti asiye ntchito zimene zinkafuna digiri yachiwiri kapena zaka zisanu. Kumene chilengezo chinanena mosapita m'mbali kuti zaka ziwiri ndi zofunika, sanaitanidwe ngakhale kamodzi, ndipo izi ziyenera kunenedwa poyera, chifukwa ndime yachidule, ngakhale italembedwa bwino chotani, siingachotse malire amene bungwe laika ndipo wosankha akungowatsata. Anaitanidwa kawiri, konse kumene zaka za ntchito zinali zongowonjezera mwayi.

Intavyu yoyamba inali ya pulojekiti ya maphunziro, ndipo sanapambane. Malinga ndi zimene anandifotokozera, anayankha bwino za kuphunzitsa, koma atafunsidwa ngati anatsatirapo momwe ophunzira akewo anakhozera mayeso a JCE, analibe yankho, chifukwa sanalembepo kalikonse pa zaka ziwirizo. Apa panaoneka kusiyana kwa ndime ziwiri zija. Ya maphunziro inali ndi kutalika kwa nthawi koma inalibe chotsatira chogwirika, pamene ya deta inali ndi nthawi yochepa koma chilichonse chinali ndi fayilo kumbuyo kwake. Kwa wachinyamata amene akadali pa ntchito yongodzipereka, mlangizi angathandize kwambiri pomuuza kuti ayambe kusunga kope la zimene akuchita, chiwerengero cha anthu ndi zotsatira, pamene ntchitoyo ikuchitika, chifukwa pa nthawi yolemba sivi zimenezi sizipezekanso.

Intavyu yachiwiri inali ya pulojekiti ya madzi ija. Funso loyamba la luso linachokera m'chiganizo chachitatu cha ndime yake, pamene mmodzi wa ofunsa anati afotokoze momwe anadziwira kuti mayina 27 aja ndi obwerezedwa osati anthu awiri a dzina limodzi, popeza m'midzi yathu mayina ofanana ndi ambiri. Anayankha kuti sanafufute dzina lililonse pa kompyuta pokha, koma ankayerekeza mudzi ndi chiwerengero cha anthu a m'banjamo, kenako n'kupita ndi mndandanda wa okayikitsawo kwa nyakwawa kapena nthumwi ya mudziwo kuti atsimikize, ndipo anatchula kuti mayina ena amene poyamba ankaoneka obwerezedwa anapezeka kuti ndi mabanja osiyana ndipo anatsala m'kaundula. Kenako anamupatsa laputopu ndi tebulo la deta losokonekera kuti alikonze mu Excel kwa theka la ola, ndipo analikonza. Akanakhala kuti analemba za anthu 2,000 kapena udindo wa mkulu woona za deta, mafunsowo akanalowera kumene analibe choyankha.

Anamulemba ntchito ya kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, yogwirira m'boma loyandikana ndi Zomba. Sindinganene kuti ndime ya pamwamba yokha ndiyo inamupezetsa ntchito, chifukwa pa nthawi yomweyo tinasintha dongosolo la sivi yonse, anthu omuchitira umboni ndi mtundu wa ntchito zimene ankafunsira, ndipo mayeso a pa laputopu anawakhoza ndi luso lake. Chimene ndingaime nacho n'chakuti mafunso a pa intavyu anachokera m'ndimeyo mwachindunji, zomwe zikusonyeza kuti inawerengedwa ndipo inalozera ofunsawo kumene iye anali wamphamvu.

Kontirakitiyo itatsala mwezi umodzi kuti ithe anabweranso ndi sivi kuti tiikonze. Ndime ija inali itayamba kale kukalamba, chifukwa tsopano anali ndi miyezi isanu yoyang'anira deta ya mijigo ndi zimbudzi imene anthu asanu ndi atatu ofunsa mafunso ankatumiza sabata iliyonse. Mawu akuti womaliza digiri mu 2023 tinawachotsa pachiyambi n'kuyamba ndi dzina la ntchito imene akugwira, ntchito yatsopanoyo inatenga chiganizo chachiwiri, ndipo kafukufuku wa ku Chilwa anatsikira m'gawo la mapulojekiti. Kaundula wa pamsasa tinamusiya pamwamba m'mawu ochepa, chifukwa ntchito yotsatira imene ankafunsira inali ya bungwe lothandiza anthu pa nthawi ya kusefukira kwa madzi.